Kalata imene ndinaipinda panayi

Akapitawo anangoona mzere umodzi wa kalatayo, chifukwa ndi umene ndinawaonetsa. Ndinaipinda mwaluso, mwakuti pamwamba pankaoneka dzina langa ndi mawu akuti ndikhoza kuyamba ntchito Lolemba, ndipo nditatembenuza pankaoneka chidindo cha chipatala. Zapakati zonse zinali m'kati mwa mpindirowo. Iwo anali pakati powerenga matumba otsika mu lole, anangoponyapo diso n'kunena kuti, "Mwachira eti? Lowani pa mzere." Ine kalata ija m'thumba la ovolosi, n'kupita kukasenza.

Ndinali nditagwira ntchito zaka 6 pa shedi ina ku Kanengo, yotsitsa ndi kusanja matumba a feteleza a makilogalamu 50. Munali mu Novembala, pamene malole amachita kudikirana pa geti ndipo ndalama yeniyeni imakhala ya ovataimu. Tsiku lovulala, thumba linatsetsereka pa phewa ndipo m'malo molisiya ligwe ndinalitsatira, thupi litapotoka. M'chiuno munangomveka ngati wina wandibaya ndi msomali wamoto. Sindinakalembetse m'buku la ngozi. Ndinati ndikagona kukacha ndidzuka bwino, koma kutacha ndinalephera kuvala nsapato.

Patatha masabata awiri ndili kunyumba, ndinapita kwa amayi ena a mafizo kuti andilembere kalata yobwererera kuntchito. Ndinkaganiza kuti n'zongosaina. Iwo anayamba mafunso amene anandinyansa. Thumba limalemera bwanji? Mumalitola pansi kapena amakutwikani? Pa tsiku mumasenza angati? Mulu wake umatalika bwanji, ndipo mumakwera pa chiyani? Kenako anandiuza kuti ndiwerame, ndiyende ndi zidendene, ndiyende ndi zala, n'kundigoneka chagada akukweza mwendo umodziumodzi.

"Mayi, mungolemba kuti ndachira," ndinatero.

"Simunachire, bambo. Koma si kuti ndinu wofunika kugona. Kugona masabata ambiri kumafooketsa msana, n'chifukwa chake ndikufuna mubwerere kuntchito. Kungoti mubwerere ku ntchito imene msana wanu wa lero ungathe."

Anandiwerengera zimene analemba, akumasulira m'Chichewa. Kwa masabata anayi ndisanyamule chinthu choposa makilogalamu 10, ndipo ngakhale chimenecho ndichitenge pamalo ofika m'chiuno, osati pansi. Ndisaweramewerame, makamaka kuwerama ndikupotokola thupi. Ndisakhale pansi kapena kuimirira malo amodzi kupitirira mphindi 30 osasintha. Ndisakwere pa mulu wa matumba. Sabata yoyamba ndiziweruka masana. Mmunsi analemba tsiku loti ndidzabwerenso adzandione, ndipo anati tsikulo n'lofunika ngati zina zonsezo, chifukwa malire amenewa ndi a kanthawi: akhoza kudzawafewetsa, kuwachotsa kapena kuwaonjezera, malinga ndi mmene adzandipezere.

Ndinawafunsa chifukwa chake sanangolemba kuti ndipatsidwe ntchito zopepuka, monga ndinkaonera pa makalata a anzanga. Anaseka. Anati mawu amenewo aliyense amawamva mwake. Kwa kapitawo wa pa shedi, ntchito yopepuka ndi kusesa feteleza wotayika kapena kusoka matumba ong'ambika, ndipo zonsezo munthu amagwira chowerama tsiku lonse. Nambala ilibe mkangano. Ndinaonanso kuti za m'thupi mwanga sanalembemo zambiri. Anati abwana safunika kudziwa zonse za matenda anga, afunika kudziwa zimene ndingagwire ndi zimene sindingagwire, ndiponso mpaka liti.

Ndinamva zonsezo bwinobwino. Sindinganamizire Chingerezi. Kalatayo ndinaibisa chifukwa cha mantha ndi dyera. Woweruka masana sapata ovataimu, ndipo fizi ya teremu yachiwiri inali pakhomo. Ndinkaopanso dzina. Pa shedi munthu akangotchedwa "wa msana", anzake amamuyang'ana ngati katundu woonjezera, ndipo ndinkadziuza kuti tsiku lochepetsa anthu, dzina loyamba pa pepala lidzakhala langa.

Ndiye ndinkamwa bulufeni m'mawa ndi masana, n'kumasenza. Mankhwalawo ankagwira ntchito yake, ululu unkazilala, ine n'kumati ndachira. Masiku atatu oyamba ndinachita kudzitama.

Apa ndi pamene ndinadzinamiza koposa. Ululu unayamba kusamuka. Unachoka pakati pa chiuno n'kupita ku thako lakumanzere, kenako kuseri kwa ntchafu, kenako mmunsi mwa bondo. M'chiuno mwenimwenimo munayamba kupepuka. Ndinauza mayi a kunyumba kuti nthenda ikutsika, itulukira kuphazi. Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Nanga bwanji mukamatsokomola mukumagwira mwendo, bambo?" Zinali zoona. Ndikatsokomola kapena kuyetsemula, chinthu chinkathamanga ngati magetsi kuchokera m'chiuno mpaka ku chala chachikulu. Mu minibasi ndinkakhalira thako limodzi.

Tsiku lachisanu ndi chinayi ndikupita kosamba, patapata wakumanzere anavuka kawiri popanda chifukwa. Pamwamba pa phazi panali dzanzi, ndipo chala chachikulu chinkakana kudzuka bwino. Tsiku limenelo sindinafike ku Kanengo.

Dokotala amene anandiona anayamba ndi mafunso amene ndinachita nawo manyazi. Kodi mkodzo ukutuluka bwino, kapena ukuvuta kuyamba? Chimbudzi mukutha kuchigwira? Pali dzanzi pakati pa miyendo, pamalo okhalira pa chishalo cha njinga? Miyendo yonse iwiri yafooka? Zonsezo ndinati ayi. Anati ndili ndi mwayi, chifukwa munthu wa msana akaona chimodzi mwa zimenezo sadikira kuti kuche, amathamangira kuchipatala nthawi yomweyo, poti mitsempha ikapanikizika choncho nthawi yaitali imatha kuonongekeratu.

Kenako anandijambulira pa pepala. Pakati pa mafupa a msana pali timapilo tofewa, iwo amati madisiki, ndipo tiwiri ta mmunsi kwenikweni ndi timene timavutika kwambiri munthu akamawerama ndi katundu. Kamodzi kanali katatupira kumbuyo n'kukhudza mtsempha wopita ku mwendo. Ndiye zimene ine ndinkati nthenda ikutuluka zinali zosiyana ndi zoona: ululu ukamatsikira ku mwendo ndiye kuti zinthu zikuipa, ukamabwerera m'chiuno n'kusiya mwendo ndiye kuti zikukonzeka. Ndinaumirira ekisire, ndipo atandijambula sinaonetse kanthu. Anali atandiuziratu kuti ekisire imaona mafupa, timapilo ndi mitsempha siiona.

"Kalata ija munapereka?" anafunsa amayi a mafizo aja nditabwerera kwa iwo.

Ndinaitulutsa m'buku la kuchipatala, yakuda ndi thukuta. Sanandikalipire. Anangoitambasula pa tebulo n'kuisalaza ndi dzanja, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa.

Ndinakhala kunyumba masabata ena 7. Poti kuvulala koyamba sindinakulembetse ngati ngozi ya pantchito, ku ofesi anaziwerengera ngati tchuthi wamba cha matenda. Lamulo la ntchito la mu 2000 limapatsa munthu amene wagwira chaka chathunthu masabata 4 a malipiro onse ndi masabata 8 a theka, pa chaka. Awiri ndinali nditadya kale. Choncho masabata awiri ndinalandira zonse, asanu otsalawo theka. Ovataimu imene ndinaithamangira masiku asanu ndi atatu aja sinafike ngakhale pafupi ndi zimene ndinataya. Nditayamba kufunsa za chipukutamisozi cha ovulala pantchito, chimene chilinso ndi lamulo lakelake la chaka chomwecho, mafunso awiri anandidikira: n'chifukwa chiyani ngoziyo mulibe m'buku, ndipo n'chifukwa chiyani kalata ya malire sinafike mu faelo? Anzanga awiri anachitira umboni za tsiku la ngozi. Funso lachiwirilo linalibe wondiyankhira. Ndimaonabe kuti akapitawo anayenera kuilanda kalatayo n'kuitambasula, osangoiponyera diso, koma woipinda ndinali ine.

Kalata yachiwiri inali yothina kuposa yoyamba. Inayambira pa makilogalamu 5 kwa masabata awiri, kenako 10, kenako 15 ngati mwendo sunayambenso kudandaula, ndipo inanena kuti ululu ukatsikiranso mmunsi mwa bondo ndisiye ntchitoyo n'kubwerera kuchipatala osadikira tsiku loikika. Ulendo uno ndinaichititsa fotokope. Imodzi ndinapereka kwa abwana oona za antchito, anasaina pa yanga n'kulemba deti, ndipo tinakhala pansi atatu ndi akapitawo kuitembenuza kuti ikhale ntchito zenizeni. Kusenza, ayi. Kusesa, ayi. Kusoka matumba, pokhapokha ena atawaika pa tebulo. Kukoka tenti pa lole, ayi, chifukwa n'kukwera ndiponso n'kukoka mopotoka. Zinatsala kuwerenga matumba pa khomo ndi kulemba za pa sikelo, ndipo anandipezera mpando woti ndizikhala n'kumadzuka. Ntchito yoti ndigwire inalipo nthawi yonseyi. Ndikanatambasula kalata yoyamba ija, ndikanaigwira mwezi umodzi wokha.

Chimene kalata sinalembe, koma amayi aja anandikumbutsa, n'chakuti msana sudziwa kuti waweruka. Chigubu cha malita 20 ndi makilogalamu 20, kuwirikiza kanayi malire anga a masabata oyamba. Khasu ndi kuwerama kokhakokha. Chaka chimenecho kamunda kathu anapalira aganyu, ndipo madzi ankatunga ana, ine ndili pakhonde ngati mlendo, anthu odutsa akundipatsa moni wa odwala. Ndinkayenda pansi m'mawa ndi madzulo monga anandiuzira, n'kumachita mafizo pa mphasa, ana akundiseka. Dzanzi linachoka pang'onopang'ono, kuyambira ku phazi kukwera m'mwamba, ndendende mmene ananenera.

Mayesero anabwera sabata yachitatu, pamene malire anali atafika pa 10. Malole atatu anafika nthawi imodzi, anthu awiri sanabwere, ndipo mvula inali itaderetsa kumwamba. Akapitawo anandikodola, mwaulemu ndithu, osati molamula.

"Achimwene, sindikuti musenze. Tangogwirani mbali imodzi ndi mnyamatayu, matumba khumi okha."

Mtima wanga unali utavomera kale, mapazi atayamba kusuntha. Anzanga onse anali akundiyang'ana, thukuta lili chuchuchu. Ndinapisa m'thumba, n'kutambasula pepala lija lonse pamwamba pa buku lowerengera matumba.

"Akapitawo, mbali imodzi ya thumba ndi 25. Apa alemba 10."

Anayang'ana nambalayo, anayang'ana kumwamba, n'kutsonya. Kenako anavula jekete yawo, kundipatsa kuti ndiwagwirire, n'kupita kukagwira okha mbali ya thumbalo. Ine ndinatsala pa khomo ndi cholembera, kuwerenga.