Ulemu umene unatsalira m'Chichewa

Tinalemba imeloyo usiku, awiri, patebulo lodyera kunyumba kwathu ku Area 12. Fizi ya mwana wathu inali itachedwa, ndipo tinkafuna kupempha aphunzitsi aakulu a sukulu yake, mayi wochokera ku Ulaya, kuti atidikireko. Mumtima tinkati, “Mutidikireko mpaka mwezi ukatha.” Pakompyuta tinalemba kuti “You should wait for us up to month end.”

Yankho linabwera m'mawa, lalifupi ndi lozizira. Anangotikumbutsa kuti tsiku lolipira amaika ndi a sukulu, osati makolo. Ife tinadabwa, chifukwa tinkadziwa kuti tinapempha mwaulemu.

Mlamu wathu, yemwe wakhala zaka zambiri akulemba makalata m'maofesi a ku Capital Hill, ataiwerenga anagwira pakamwa. “Alamu, apa simunapemphe ayi. Mwalamula.”

Anatiunikira pomwe panaterera. M'mawu akuti “mutidikireko”, ulemu uli pawiri. Uli mu “mu-”, amene timatchulira munthu mmodzi ngati ambiri, komanso mu “-ko”, amene amafewetsa pempho. Chingerezi chilibe zonsezi. Mawu akuti “you” ndi amodzimodzi kwa mwana ndi kwa bwana, ndipo “should” amamveka ngati “uyenera”. Tinawolotsa mawu onse, koma ulemu unatsalira tsidya lino.

Chingerezi chimaika ulemu wake pena, anatero mlamu. Chimasandutsa pempho kukhala funso, kuti winayo akhale ndi mpata wokana. Tsono tinalembanso limodzi: “We are sorry the fees are late. Would it be possible for us to pay by 30 June?” Tinachotsanso “month end” n'kuika tsiku lenileni, chifukwa wowerenga amafuna choti alembe pakalendala.

Mayi aja anavomera tsiku lomwelo. Pofuna kuthokoza tinatsala pang'ono kulakwitsanso. Kwathu “tamva” ndi mawu a munthu wodzichepetsa amene wavomera, koma “We have heard” amamveka ngati mphekesera yafika m'makutu mwathu, kapena ngati tatopa kuuzidwa. Tinalemba kuti “Thank you for your understanding.”

Titangophunzira, tinayamba kupyola muyezo. Imelo ina tinaidzaza ndi “humbly” ndi “we beg”, mpaka pempho lenilenilo linakabisala pamzere wachisanu. Mlamu anafufuta zonsezo. Funso limodzi lofewa, lokhala pamwamba, ndi lokwanira.

Masiku ano tisanatumize imelo yopempha kanthu, mmodzi amawerenga mokweza, wina n'kuibweza m'Chichewa monga momwe yalembedwera, osati monga tinkaganizira. Tikamva “uyenera” kapena “tipatse”, timadziwa kuti ntchito ikadalipo. Mwana wathu uja, amene amamvetsera ali pakhomo, wayamba kutikonza ifeyo. Dzulo anapeza “you must” mu imelo yathu yopita kwa eni nyumba, tisanaitumize.