Kodi nsapato zotchipa n'zotchipadi?

Mng'ono wanga akuyamba ntchito Lolemba, ndipo wakhala akundipanikiza ndi mafunso a nsapato. Ndimamuyankha ngati munthu amene zinamuonekerapo. Tsiku langa lachitatu pa ntchito, soli inamatuka ndikutsika minibasi, ndipo ndinalowa mu ofesi ndikukoka phazi ngati ndapondedwa ndi ng'ombe.

"Achemwali, za K15,000 ndi za K45,000, nanga si zonse ndi nsapato?"

Inenso ndinkatero. Koma mtengo wa pamsika uuwerengere pamodzi ndi miyezi imene uzivale. Za K15,000 ndinazigulapo kawiri, ndipo ulendo uliwonse zinkatha m'miyezi iwiri, ndiye kuti K7,500 pa mwezi. Kenaka ndinagula zachikopa pa kaunjika pa K45,000, n'kudzalipira K5,000 kwa wosoka nsapato chidendene chitadyeka. Ndazivala miyezi 20. Ukagawa K50,000 ndi 20, ndi K2,500 pa mwezi. Zotchipa zija zinkandidyera ndalama kuwirikiza katatu.

"Ndiye ndizingogula zodula basi?"

Ayi. Wogulitsa akhoza kukweza mtengo atangoona foni yako. Yang'ana nsapatoyo. Ipinde pamene zala zimapindikira: soli ikayamba kuyasama m'mbali, guluu wake ngwachabe. Fufuza ngati soliyo inasokedwadi, chifukwa zina amangojambula mizere yooneka ngati ulusi. Zakaunjika uzionenso kunsi, poti soli yokhalitsa imang'aluka kapena kufumbutuka ngakhale pamwamba pakuwala. Chikopa chenicheni chimachita makwinya n'kumwa polishi, pomwe chapulasitiki chimasupuka, ndipo chikayamba palibe wosoka angachibweze.

"Ilipo nthawi imene zotchipitsitsa zimapambana?"

Ilipo, ngati sudzafika poona kulimba kwake. Nsapato zoperekezera mkwatibwi, za mtundu umene sudzauvalanso, gula zotsika mtengo. N'chimodzimodzi za mwana wa zaka zitatu: phazi limakula nsapato isanathe, ndiye kulipirira zaka ziwiri n'kutaya ndalama. Koma zimene uziponda nazo fumbi ndi matope masiku asanu pa sabata, zimenezo usaumire.

"Nanga poti ndili ndi K15,000 yokha?"

Apa masamu anga aja sakuthandiza, chifukwa Lolemba sungapite ndi mapatapata. Komanso usakatenge katapila chifukwa cha nsapato, chiwongoladzanja chidzameza zonse zimene umati upulumutse. Gula za K12,000, ndipo usanazivale upite nazo kwa wosoka azungulize ulusi soli yonse ndi yotsalayo. Usamazichape mozinyika m'madzi, uzingopukuta. Ukalandira malipiro, uziika padera K15,000 mwezi uliwonse. Ikamatha miyezi itatu udzakhala ndi K45,000 ya zolimba zija.

Dzulo wanditumizira chithunzi ali kwa wosoka nsapato. Wati wamuuza K3,500, ndiye K500 yoperewerayo ndimutumizire ine.