Kupempha kalata yaumboni kwa kasitomala wakale

Mapepala ambiri ofunika pa tenda munthu umawapeza ndi miyendo yako. Satifiketi ya bizinesi umakhala nayo kale, kalata yosonyeza kuti za msonkho zili bwino umakatenga ku MRA, ndipo tenda ikakhala ya boma umaonetsanso kuti unalembetsa ku PPDA. Koma pali pepala limodzi limene limakhala m'manja mwa munthu wina: kalata yaumboni yochokera kwa amene unamugwirirapo ntchito. Munthuyo anakulipira kalekale, alibe nawe ngongole, ndipo pa desiki pake pali zambiri zomudikira. Ambiri a ife amene tangoyamba kumene bizinesi timakakamira pamenepa.

Ine ntchito yanga ndi yolemba nkhani, timabuku ndi mauthenga a mabungwe. Chaka chatha bungwe lina linalengeza tenda yolemba timabuku ta alimi. Linkafuna makalata atatu a ntchito zofanana ndi imeneyo, zogwiridwa m'zaka zitatu zapitazo. Awiri ndinali nawo, chifukwa ndinawapempha tsiku lopereka invoisi yomaliza, nthawi imene kasitomala amakhala akukukumbukira bwino. Yachitatu inayenera kuchokera ku kabungwe kena ka ku Lilongwe kamene ndinakalembera timabuku tinayi ta ulimi wa mtedza ndi soya. Anandilonjeza nthawi imeneyo, koma pulojekiti inatha asanalembe. Kunali kutatsala masabata atatu kuti tenda itsekedwe, ndipo popanda kalatayo envelopu yanga ikanagwa pa sitepe yoyamba.

Ndisanaimbe foni ndinayamba ndafukula kontirakiti, invoisi ndi sitetimenti ya ku banki yosonyeza tsiku limene ndalama zinalowa. Kenako ndinalemba pa tsamba limodzi mfundo zisanu: ntchito inali yotani, inayamba ndi kutha liti, timabuku tinali tingati, mtengo wake K1,800,000, ndi dzina la bizinesi yanga monga lilili pa satifiketi. Dzinali ndi lofunika. Kasitomala amakudziwa ndi dzina lako, koma pa tenda pamapikisana bizinesi. Kalata ikatchula iwe, mapepala ena onse akutchula bizinesi, ounika angathe kunena kuti umboniwo ndi wa wina.

Nditaimba ndinapeza kuti mkulu amene ndinkagwira naye ntchito anachoka. Anali wokonzeka kundilembera, koma kalata yake ikanakhala ya munthu wamba, yopanda pepala la ofesi ndi chidindo. Ntchito ija ndinagwirira bungwe, choncho wochitira umboni anayenera kukhala bungwelo. Ndinangomupempha kuti andidziwitse kwa mayi amene akutsogolera ofesiyo panopa, ndipo anawatumizira uthenga tsiku lomwelo.

M'mawa mwake ndinawaimbira. Pempho loyamba sindilitumiza pa WhatsApp, chifukwa uthenga wa nambala yachilendo umangowerengedwa n'kuiwalika.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Pepani ndakuimbirani nthawi ya ntchito. Ndine amene ndinalemba timabuku tija ta mtedza ndi soya. Ndikupikisana nawo pa tenda ina, ndiye ndimapempha ngati ofesi yanu ingandithandize ndi kalata yaumboni."

"Oho, timabuku tija tikugwiritsabe ntchito. Tumizani imelo, ndiona."

Mawu akuti "ndiona" tonse timawadziwa, alibe tsiku. Ndinathokoza, kenako ndinafunsa mwaulemu ngati zingatheke pofika Lachisanu la sabata yotsatira. Tsikulo ndinasankha dala, kuti pakhale sabata yathunthu tenda isanatsekedwe. Mu imelo ndinaika tsamba la mfundo lija, kontirakiti, dzina la bungwe limene kalatayo ikupita, ndi ndime ya m'chikalata cha tenda yonena za makalata. Munthu wotanganidwa ukamupatsa zonse pamodzi, ntchito yake imangotsala ya mphindi khumi.

Kalata inabwera Lachinayi. Inali pa pepala la ofesi, yosainidwa, yodindidwa, ndipo inkati ndine munthu waulemu, wolimbikira, wosunga nthawi. Mawu okoma, moti mayi anga akanaiona akanaipachika pakhoma. Koma sinatchule timabuku, chaka, kapena ndalama.

Kalata yotere imathandiza pofunsira ntchito, osati pa tenda. Ounika matenda amakhala ndi ndandanda wa mafunso amene amachonga. Kodi ntchitoyo ndi yofanana ndi yathuyi? Kodi inachitika m'zaka zimene tatchula? Inali yaikulu bwanji? Inatha, ndipo mwini wake anakhutira? Kalata yosayankha mafunso amenewa siipatsidwa malikisi, ngakhale ikutamande chotani. Njira yoyesera ndi yosavuta: phimba dzina lako ndi chala, uwerengenso. Ngati kalatayo ingakwanire woyendetsa galimoto kapena mlonda wa pa ofesipo, ndiye kuti sinanene kanthu za ntchito yako.

Kubwezera munthu wamkulu kalata imene wakulembera mwaulere si chinthu chapafupi. Sindinanene kuti yalakwika. Ndinaimba n'kunena kuti, "Mayi, kalata ija ndalandira, zikomo kwambiri. Koma eni tenda akufuna kuti patchulidwe ntchito yeniyeniyo ndi masiku ake. Mungalole ndikutumizireni mizere itatu yoti muonjezere, mukaona kuti ndi yoona?" Kulembera kasitomala mfundo si chinyengo, bola zikhale zimene angazipeze m'mafayilo ake, ndipo akhale ndi ufulu wosintha. Mawu onena ngati anakhutira ndinawasiyira eni ake.

Anavomera zonse kupatula ndalama. Anati ofesi yawo siilemba mitengo m'makalata opita kunja. Sindinalimbane nawo. Tinagwirizana kuti kalata itchule timabuku tinayi, miyezi ya ntchito ndi nambala ya kontirakiti, ndipo anandilola kuphatikiza tsamba la kontirakiti losonyeza mtengo. Chilolezocho ndinachipempha polemba, chifukwa makontirakiti ena amaletsa kuonetsa anthu akunja.

Apa m'pamene ena amagwera m'mayesero. Kalata yabwera ngati PDF, palibe mtengo, nthawi yatha, ndiye munthu amangoonjezera yekha pa kompyuta. Osayerekeza. Ounika ali ndi ufulu woimbira amene wasaina, ndipo pa matenda a boma, kupereka mapepala abodza kungachititse kuti PPDA iletse bizinesi yako kupikisana nawo kwa nthawi. Kasitomala uja nayenso wamutaya.

Ukafuna kalata yomweyi pa ngongole, funso limasintha. Wobwereketsa amafuna kudziwa ngati ndalama zimalowa ndiponso ngati zidzalowabe. Choncho kalata yothandiza ndi yonena kuti mwagwira limodzi kwa nthawi yaitali bwanji, amakulipira kangati, ndiponso ngati pali ntchito ina imene mwasainirana. Zimene yanena zigwirizane ndi sitetimenti yako. Siilowa m'malo mwa chikole, ndipo muuzeni kasitomala poyera kuti sakukhala wokuimirani pa ngongoleyo. Ambiri amazengereza kusaina chifukwa cha mantha amenewo.

Kalata yachiwiri inafika Lachiwiri, kutatsala masiku atatu. Ndinayesa nambala ya foni imene inali pamenepo kuti ndione ngati ikulira, ndinafananiza masiku ndi a mu kontirakiti, n'kuwadziwitsa mayi aja kuti mwina wina awaimbira. Patapita masabata awiri ananditumizira uthenga: "Anthu anu aja aimba. Afunsa ngati timabuku tinafika pa nthawi yake, ndawauza kuti inde."