Usanawayankhe a Tcheya

Mwanangu,

Uthenga umene walembera a Tcheya a komiti ya mjigo ndauwerenga, koma usautumize kaye. Walemba kuti: "Loweruka sindibwera, ndatanganidwa. Mupange nokha, ndidzamva."

Sukunama ayi, popeza Lachisanu ukukwera minibasi pa Mtakataka kukayamba ntchito ku Lilongwe. Koma taganiza mmene munthu wa msinkhu wa bambo ako angaumvere. Mulibe moni, mulibe zikomo. Ukati "ndatanganidwa" kwa anthu amene asiya makasu kumunda kuti akakhale pansi pa mtengo, amamva ngati ukuti iwo ndi osowa chochita. Choipitsitsa ndi "mupange nokha". Iwe ndiwe mlembi, buku la zopereka za mwezi ndi mwezi lili m'manja mwako, ndiye apanga chiyani popanda bukulo?

Lemba chonchi:

"Mwaswera bwanji a Tcheya? Zikomo pondiitana ku msonkhano wa Loweruka. Pepani, sinditha kupezeka chifukwa Lachisanu ndikunyamuka kukayamba ntchito ku Lilongwe. Nkhani yopereka buku kwa mlembi watsopano ndikufuna ndiimalize ndisanachoke. Kodi kungatheke kukumana Lachitatu 3 koloko masana, kapena Lachinayi nthawi yomweyo? Ngati masiku onsewa savomera, ndidzakusiyirani buku kunyumba Lachinayi madzulo, maakaunti onse nditawerengera. Ndimva kwa inu."

Chifukwa chake nchimodzi, chachifupi, choona. Ukaunjika zifukwa zinayi munthu amayamba kukayika zonse. Masiku ndaika awiri dala: ukatchula limodzi lokha zimamveka ngati walamula, ukangoti "tsiku lina" ndiye wawasiyira ntchito yoganiza ndipo tsikulo silifika. Nthawinso ndasankha yawo, osati yako. Mmawa anthu ali kumunda, dzuwa la kuno kuchigwa likafika pamutu palibe amene angakhazikike, ndipo Lamulungu theka la komiti limakhala ku Misa ku Mua.

Mawu oti "ndiyesetsa" usawalembe pamene ukudziwa kuti subwera. Amaoneka aulemu, koma anthu adzakudikira mpaka dzuwa kupendeka. Tumiza lero lomwe kuti a Tcheya apeze mpata wodziwitsa anzawo a ku Golomoti. Pofika mawa asanayankhe, usaganize kuti akwiya, mwina foni ilibe moto kapena bandulo. Pita wekha ukagogode.

Ku ntchito kumene ukupita kuli kusiyana kumodzi. Msonkhano wa anthu ambiri woitanitsa bwana, iwe wongofika kumene sungausunthe. Pamenepo uziwauza chimene chawombana nawo, nkufunsa kuti upite kuti, kapena upemphe mphindi 15 tsiku lotsatira kuti akufotokozere zimene agwirizana. Kusintha tsiku uzipempha pokhapokha mukakhala awiri kapena atatu, kapena pamene nkhaniyo singayende iwe palibe, ngati ya bukuli.

Ine mayi ako.