Gemu ikakanizidwa ndi mlonda wake

Ndimakonza makompyuta, ndipo mwa makasitomala anga, ovuta kuwakhazika mtima pansi ndi anyamata osewera magemu a pa intaneti. Akamafika pashopu amakhala atachotsa kale gemu yonse n'kuyitsitsanso, bandulo yatha, koma uthenga wokana uja ukubwerabe. Ndimawauza kuti gemuyo ilibe mlandu. Chomwe chakana ndi pulogalamu ina yomwe imabwera nayo limodzi, yoletsa kubera posewera.

Mapulogalamu otere alipo angapo. Fortnite imagwiritsa ntchito Easy Anti-Cheat, PUBG ili ndi BattlEye, pomwe Valorant, yomwe inatuluka mu 2020, ili ndi Vanguard wa kampani ya Riot Games. Ntchito yawo ili ngati ya mlonda wa pageti: akapanda kufika pantchito, kapena akakayikira mpanda, salola munthu kulowa. Amene amandibweretsera ntchito yambiri ndi Vanguard, chifukwa iye sadikira kuti gemu itsegulidwe. Dalaivala wake, `vgk.sys`, amadzuka pamodzi ndi Windows, ndipo gemu ikamatseguka mpomwe mbali yake yachiwiri, `vgc`, imayamba kugwira ntchito. N'chifukwa chake ukangomuyika kumene, kapena ukamutseka pakona ya sikirini paja, gemu siyenda mpaka uzimitse kompyuta n'kuyiyatsanso. Ambiri amachira pomwepa, ndipo sindiwalipiritsa.

Zikakanika, ndimatsegula Command Prompt ndi `Run as administrator` n'kufunsa ngati awiriwa alipo:

```
sc query vgk
sc query vgc
```

Pa `vgk` ndimafuna kuona `RUNNING`. Koma `vgc` akalemba `STOPPED` gemu ili yotseka, palibe chodetsa nkhawa, ndi mmene amakhalira. Kompyuta ikayankha kuti dzinalo sikulidziwa, kapena `vgc` akumafa nthawi iliyonse gemu ikamatseguka, ndimachotsa Vanguard yekha ndi `sc delete vgc` komanso `sc delete vgk`, ndikuyatsanso makina, ndikufufuta foda ya `C:\Program Files\Riot Vanguard`. Ukatsegula Riot Client amamutsitsanso yekha, ndipo ndi kanthu kakang'ono poyerekeza ndi gemu yonse.

Ntchito yeniyeni imayamba sikirini ikalemba `VAN9001` kapena `VAN9003`. Pa Windows 11, Vanguard amafuna zinthu ziwiri zomwe sizikhala m'gemu kapena mu Windows, koma mu BIOS. Choyamba ndi TPM 2.0, kachipangizo kosunga makiyi achinsinsi a makinawo. Chachiwiri ndi Secure Boot, yomwe imaonetsetsa kuti poyaka kompyuta pasalowerere pulogalamu yosasainidwa Windows isanadzuke. Anthu obera amakonda kubisa zida zawo pamalo amenewo, ndiye Vanguard sakhulupirira makina omwe khomo limeneli lili pululu.

Mnyamata wina anabwera ndi kompyuta ya padesiki yogula kwa munthu, ya Core i5 ya m'badwo wa 8, itayikidwa Windows 11 ndi wogulitsayo. Anati, "Achimwene, ndaona pa YouTube kuti ndingoyatsa Secure Boot, koma pamalopo sipakudinika." Ndisanalowe mu BIOS ndinalemba `msinfo32`. Pa `BIOS Mode` panalembedwa `Legacy`, pa `Secure Boot State` panali `Unsupported`. Mizere iwiriyo inandiuza nkhani yonse. Windows inayikidwa m'njira yakale, disiki ili pa MBR, ndipo woyikayo analambalala zomwe Windows 11 imafuna. Zoterezi n'zofala pa makompyuta ogula kale atagwirapo ntchito, chifukwa wogulitsa amangofuna kuti sikirini ioneke yatsopano.

Apa mpomwe anthu amaonongera makina. Secure Boot imagwira pa UEFI pokha, ndipo kuti idinike uyenera kuzimitsa CSM, yomwe imalola kuyaka kwachikale. Koma ukazimitsa CSM disiki idakali pa MBR, kompyuta siyipezanso Windows: imangobwerera mu BIOS kapena kulemba kuti palibe disiki yoyatsira. Mafayilo amakhala alipo, kungoti mwini wake mtima umakhala uli m'malere. Choncho disiki ndiyo iyambe. Nditakopera mafayilo a mnyamata uja pa disiki ina, ndinalemba:

```
mbr2gpt /validate /allowFullOS
mbr2gpt /convert /allowFullOS
```

Mzere woyamba umangoyesa ngati zitheka. Umakana disiki ikakhala yogawidwa zigawo zoposa zitatu, kapena ikakhala ndi zigawo zina zomangidwa mkati mwa chigawo chinzake. Wachiwiri umasintha disiki kupita ku GPT osafufuta kanthu, koma njira yobwerera palibe, ndiye sindiudina ndisanatsimikize kuti makinawo ali ndi UEFI. Sindiudinanso magetsi akamaphethiraphethira popanda batire yothandizira.

Zitatero ndinalowa mu BIOS n'kuzimitsa CSM, ndikusunga, ndikuona Windows ikuyaka bwinobwino. Kenako ndinabwereranso kukayatsa TPM. Dzinali sumalipeza nthawi zonse: pa makina a Intel amalemba `PTT`, pa AMD amalemba `fTPM`. Pomaliza Secure Boot. Pa makina amenewa inalemba `Enabled`, koma Windows itayaka `msinfo32` inati `Off`. Zimachitika BIOS ikakhala ilibe makiyi a kufakitale, ili mu `Setup Mode`. Ndinasintha `Secure Boot Mode` kupita pa `Custom`, ndikudina `Restore Factory Keys`, ndipo nditayatsanso panalembedwa `UEFI` ndi `On`. Mu `tpm.msc`, pa `Specification Version` panali 2.0. Gemu inatseguka popanda kutsitsa kalikonse.

Ine sindikhulupirira zomwe BIOS yalemba, ndimakhulupirira zomwe Windows ikuona, poti Vanguard naye amayang'ana zomwezo.

Pa malaputopu pali msampha wina. Ambiri amabwera disiki yawo itatsekedwa kale ndi BitLocker mwini wake osadziwa. Ukasintha za TPM kapena Secure Boot, poyaka imatulutsa sikirini ya buluu yofuna kiyi ya manambala 48. Kiyiyo nthawi zambiri imakhala mu akaunti ya Microsoft ya amene anayamba kuyigwiritsa ntchito, ndipo ngati laputopu ndi yogula kwa munthu, mwina simudzamuonanso. Choncho ndimayamba ndalemba `manage-bde -status`, ndipo ngati disiki ndi yotseka, kiyi ndimayilemba papepala ndisanakhudze BIOS.

Vuto la `VAN9001` kapena `VAN9003` lija likabwerera patapita masiku, makamaka magetsi akazima, ndimayang'ana wotchi ya kompyuta. Ikasokonekera tsiku, ndiye kuti kabatire kozungulira ka CR2032 ka mkati katha, BIOS yaiwala zonse tinasintha zija. Kusintha kabatireko ndi ntchito ya mphindi zochepa.

A BattlEye ndi a Easy Anti-Cheat savuta chonchi. Wa Easy Anti-Cheat amakhala ndi foda yake mkati mwa foda ya gemu, momwe muli kapulogalamu komuyikiranso. BattlEye amakana kwambiri Windows ikakhala mu `Test Mode`, mawu omwe amaoneka pakona ya kumanja pansi pa sikirini. Izi ndimazipeza pa makompyuta omwe wina anayikapo madalaivala osasainidwa, monga aja ofulashira mafoni. Mankhwala ake ndi `bcdedit /set testsigning off` kenako kuyatsanso, koma dalaivala wa mafoni uja amasiya kugwira, ndiye mwini wake asankhe.

Pali makina ena omwe ndimabweza osalandira ndalama. Makompyuta akale a m'maofesi ambiri ali ndi TPM 1.2, ndipo si onse omwe wopanga anatulutsa njira yowakwezera ku 2.0. Oterowo akayikidwa Windows 11 mokakamiza, Valorant siyenda ngakhale utatani. Kale ndinkawabwezera pa Windows 10, koma Microsoft inasiya kuyisamalira pa 14 Okotobala 2025, ndiye masiku ano ndimangomuuza mwini wake kuti ndalama yokonzetsera ayisunge, awonjezere agule makina ena.