Msomali wa m'khitchini ndi makina a pakauntala

M'katoni ina kunyumba kwathu ku Garden muli mabuku a malisiti amene amayi anasiya. Tsiku lina ndinatsegula buku la 2009, ndipo zolemba za kaboni zikuwerengeka bwinobwino mpaka lero: nsima ya nkhuku K12,000, nsima ya nyemba K7,000. Inali nthawi imene kwacha yathu inali isanachotsedwe maziro atatu aja, amene anachoka mu Januwale 2013. Ndinatenganso malisiti a makina a chaka chatha, koma ambiri anayera kale ngati sanalembedwepo kanthu. Ndagulitsa nsima pogwiritsa ntchito buku, ndagulitsanso pogwiritsa ntchito pulogalamu ya pafoni, choncho ndikufuna kufotokoza zimene ndaona pa nkhani ziwiri zimene zimasowetsa tulo mwini lesitilanti: kubedwa ndi mtengo wa chida chotetezera kubako.

Amayi anayamba kuphika nsima yogulitsa pafupi ndi msewu wa Katima Mulilo ine ndili kupulayimale. Poyamba kunalibe cholemba chilichonse. Ankapakula okha, kulandira ndalama okha, n'kuzimangirira pansonga ya chitenje. Buku linabwera pamene makasitomala anachuluka, makamaka amakanika ndi owotcherera zitsulo amene amadya masana, ndipo amayi analemba atsikana awiri oti aziperekera chakudya. Ndalama zitayamba kudutsa m'manja a anthu ena, m'pamene zinayambanso kuchepa.

Buku la malisiti lili ndi mphamvu ziwiri, manambala ndi kaboni. Tsamba lililonse lili ndi nambala yake, ndipo kunsi kwake kumatsala lina la nambala yomweyo. Wina akang'amba tsamba, umaona kuti pambuyo pa 146 pakubwera 148, ndipo umafunsa. Koma amene akufuna kuba sang'amba tsamba. Mtsikana wina amene tinagwira naye ntchito ankalowetsa kachikatoni pansi pa tsamba lapamwamba kuti kaboni asadinde. Pamwamba ankalemba nkhuku n'kulandira ndalama ya nkhuku, kenako patsamba lotsala ankalemba nyemba, ndalama zotsalazo n'kuika m'thumba. Wina ankakatenga kukhitchini lisiti limene lagwira kale ntchito n'kutulutsiranso mbale yachiwiri. Ndinamvanso kwa anzanga za ogwira ntchito amene amagula buku lawolawo m'tauni, lofanana ndendende ndi la bwana, n'kumalembamo nthawi ya nkhomaliro pamene anthu athithikana.

Amayi anathana nazo ndi zinthu zotchipa. Anadinda chidindo chawo patsamba lililonse asanapereke buku, kuti buku lachilendo lidziwike msanga. Kenako anakhoma msomali wa mainchesi sikisi pathabwa, nsonga kuyang'ana m'mwamba, n'kuuika pafupi ndi wopakula. Lamulo linali limodzi: palibe mbale yotuluka m'khitchini popanda lisiti, ndipo lisiti likafika libooledwe pamsomali. Lisiti lobooka silingagulenso nsima. Usiku tinkakhala pamphasa, ine ndikuwerenga za pamsomali, amayi akuwerenga za m'buku, nambala ndi nambala. Pamenepo m'pamene chinyengo cha kachikatoni chinaululika, chifukwa lisiti la pamsomali linati nkhuku pamene mnzake wa m'buku anati nyemba. Ntchito imeneyi inkatidyera ola lathunthu tsiku lililonse. Ndikayamba kusinza amayi ankati, "Iwe, kuona maso a nkhono n'kudekha. Werenga."

Nditatenga lesitilanti amayi atafooka, ola lija linayamba kundilemera. Ndinkadzuka m'mamawa kupita ku Soweto kukapikula tomato, kabichi ndi kapenta, masana ndili pamoto, ndipo usiku mutu sunkagwiranso. Masiku ena ndinkangowerenga ndalama n'kukagona, malisiti n'kumawunjikana mlungu wonse. Ogwira ntchito amadziwa msanga kuti bwana wasiya kuwerenga. Buku losayang'anidwa siligwira munthu aliyense.

Mu 2022 ndinasamukira ku pulogalamu yogulitsira. Sindinagule makina aakulu ngati a m'masitolo a ku Manda Hill. Ndinagula tabuleti yogwirapo kale ntchito pa K1,500, kapulinta kakang'ono kolumikiza popanda waya, ka mapepala a mamilimita 58, pa K900, ndi batire yosungira moto pa K400. Zonse pamodzi zinakwana K2,800. Mapulogalamu ena, monga Loyverse, amalola kugulitsa ndi kuona malipoti osalipira, koma gawo loyang'anira ogwira ntchito limalipiridwa mwezi ndi mwezi. Gawo limeneli ndi limene limapatsa munthu aliyense nambala yake yachinsinsi, ndipo ndilo lofunika kwambiri pa nkhani ya kuba. Munthu akamva kuti pulogalamu ndi yaulere afunse kaye ngati gawoli lilimo.

Kuyerekeza mtengo n'kosavuta. Buku la malisiti 100 ndinkagula pafupifupi K35, ndipo pa mbale 70 patsiku ndinkamaliza mabuku 18 pamwezi, ndiye kuti K630. Anthu ambiri sadziwa kuti buku limadya ndalama chonchi, chifukwa amagula limodzilimodzi. Kumbali ya makina, mapepala a pulinta, mabando a intaneti ndi malipiro a pamwezi zinkandidyera ndalama yosasiyana kwenikweni ndi imeneyo. Kusiyana kwenikweni kuli pa K2,800 yoyambira ija, komanso pa ngozi. Buku likagwera m'madzi umaliyanika padzuwa, koma tabuleti ikagwera mumphika wa supu kapena ikabedwa, uyenera kugula ina.

Zimene makina anandipatsa n'zenizeni. Ola lowerengera lija linatsika kufika pa mphindi khumi. Mtengo wa chakudya chilichonse unakhazikika, palibe wolemba K45 pamene mtengo ndi K50. Malonda aliwonse amasonyeza nthawi ndi amene wagulitsa, ndipo ndimatha kuona pafoni yanga ndili kumsika kapena kumaliro. Koma kuba sikunathe, kunangosintha njira. Kasitomala akalipira n'kuchoka, wogulitsa akhoza kudina `Refund` ngati kuti munthuyo wabweza chakudya, ndalama n'kutenga. Ndinazindikira zimenezi nditaona kuti zobwezedwa zikuchitika cha m'ma 15 koloko, anthu atachepa, ndiponso masiku amene ine kulibe. Cholakwa chinali changa, chifukwa ndinapatsa onse nambala yachinsinsi imodzi, moti sindikanatha kuloza munthu. Kuyambira pamenepo aliyense ali ndi nambala yake, ndipo mphamvu yobweza ndalama kapena kufufuta oda ili ndi ine ndekha.

Panabweranso khomo lina limene amayi sanalidziwe, la ndalama za pafoni. Masiku ano makasitomala ambiri amalipira pa Airtel Money kapena MTN MoMo. Woperekera chakudya akhoza kutchula nambala yake m'malo mwa ya lesitilanti, ndipo m'kabati simusowa kanthu chifukwa simunalowe kanthu. Ndinalemba nambala ya bizinesi ndi penti pakhoma, zilembo zikuluzikulu, ndipo usiku ndimafananiza mauthenga a pafoni ndi zimene makina akuti zalipiridwa pafoni.

Komabe pali mbale imodzi imene buku ndi makina onse saiona, ndiyo mbale yosalembedwa. Woperekera ndi wopakula akagwirizana, nsima imatuluka popanda lisiti, ndipo ndalama za m'kabati zimafanana ndendende ndi lipoti la makina. Mwini amagona mtima uli m'malo pamene akubedwa. Mankhwala ake ali kumphika, ndipo ndi kuwerenga ndiwo.

Nachi chitsanzo cha tsiku lina Lachitatu. M'mawa ndinapereka nkhuku 6, ndipo nkhuku iliyonse timaidula nthuli 8, zonse pamodzi 48. Madzulo mumphika munatsala 5, ndipo ogwira ntchito atatu anadya nthuli imodziimodzi monga mwa pangano lathu. Ndiye kuti nthuli 40 zinapita kwa makasitomala. Makina anasonyeza mbale za nkhuku 37, ndipo ndalama zinakwanira mbale 37 zomwezo, osapereweza ngwee. Mbale zitatu pa K50 ndi K150. Zikamachitika masiku 26 amene timatsegula pamwezi, ndi K3,900, ndalama yoposa imene ndinagulira makina onse. Ndinawerenga chonchi masiku asanu otsatizana osauza munthu, chifukwa tsiku limodzi nthuli ikhoza kugwa pansi kapena kupserera. Kusowa kukamabwerezabwereza ndiponso pa anthu omwewo, pamenepo pali nkhani. Ndinaitana woperekera ndi wopakula pambali n'kuwaonetsa pepala, ndipo sipanafunike kukalipa.

Kuwerengaku kumatheka pa zinthu zowerengeka: nthuli za nkhuku, nsomba, soseji, mazira ndi mabotolo a zakumwa. Nyemba ndi chibwabwa n'zovuta, pokhapokha ukhale ndi chipande chimodzi choyezera ndipo udziwe kuti mphika wako umatulutsa zipande zingati. Ufa nawonso umanena zoona. Ukadziwa mbale zimene thumba la makilogalamu 25 limatulutsa pakhomo pako, thumba likatha msanga umadziwa kuti nsima ina yatuluka mwakachetechete.

Chaka cha 2024 chinandiphunzitsa kuti buku silitayidwa. Chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, malaiti ankapita pafupifupi tsiku lonse, ndipo panali masiku amene tabuleti, pulinta ndi batire zonse zinathima nkhomaliro isanathe. Pulogalamu imatha kugulitsa popanda intaneti, koma popanda moto palibe chimene ingachite. Tinatulutsa buku lodindidwa chidindo, msomali uja n'kubwerera pamalo pake, ndipo malaiti akabwera ndinkalowetsa malondawo m'makina. Chaka chomwecho ZRA inalamula kuti kuyambira pa 1 Julaye mabizinesi olembetsedwa pa msonkho wa VAT azitulutsa malisiti kudzera mu Smart Invoice. Amene lesitilanti yake ikukula afunse ku ZRA zimene zikumukhudza asanagule makina, kuti asagule kawiri.

Anzanga a ku Matero, Chawama ndi Mtendere akandifunsa kuti asankhe chiti, ndimawafunsa kaye kuti masana amakhala kuti. Ngati mumakhala pakauntala nokha, mbale zanu sizipitirira makumi asanu patsiku, ndipo muli ndi mphamvu yowerenga usiku uliwonse, buku lodindidwa ndi msomali zikukwanirani, ndipo ndalama ya makina mugulire firiji kapena mipando. Ngati mumachokachoka, muli ndi antchito osinthana, ndiponso makasitomala ambiri amalipira pafoni, gulani makina, mupatse aliyense nambala yake, ndipo mphamvu yobweza ndalama ikhale yanu yokha. Musungenso buku limodzi m'kabati podikira tsiku la mdima. Koma chilichonse chimene mungasankhe, werengani nthuli m'mawa, muwerengenso madzulo, chifukwa mbale yosalembedwa imagwidwira kumphika.