Kuwerenga kulira ndi kuphethira kwa kompyuta yokana kuyaka

Mmisiri wokonza makompyuta pa boma la Lundazi amalandira kawirikawiri makina ogwiritsidwapo kale ntchito a HP ndi Dell ochokera m'masukulu ndi m'maofesi, ndipo popeza zipangizo zambiri zosinthira zimagulidwa ku Chipata kapena ku Lusaka, sayitanitsa chilichonse asanadziwe chimene chafa. Chomuthandiza ndi mayeso amene kompyuta imadziyesa yokha ikangoyatsidwa, otchedwa POST, omwe amayendetsedwa ndi BIOS, pulogalamu yaing'ono yokhala m'kachipu ka pa bolodi lalikulu. Mayesowa amatsata ndondomeko: BIOS imayamba yadziona ngati ili yathunthu, kenaka imayesa ramu, yomwe ndi malo osungiramo zinthu kwa kanthawi pamene makina akugwira ntchito, kenaka mbali yotulutsa zithunzi, ndipo pomaliza imafunafuna disiki yokhala ndi Windows. Vuto likagwa sikirini isanadzuke, makina amalinena ndi kulira kwa kasipika komanso kuphethira kwa getsi la pa batani loyatsira. Likagwa pambuyo pake, amalilemba pa sikirini.

Pa makina akale a pa desiki monga HP Compaq 8200 Elite, getsilo limaphethira mofiira kamodzi pa sekondi, kenaka limapuma masekondi awiri n'kubwereza. Kuphethira kasanu kumatanthauza ramu, kasanu ndi kamodzi mbali ya zithunzi, ndipo kasanu ndi katatu BIOS yowonongeka. Kulira kumaleka pakatha maulendo asanu koma getsi limapitiriza, choncho makina amene mwini wake akuti angokhala chete amayenera kuyang'anidwa pa getsi. Manambalawa sagwira pa makina onse, pakuti HP zatsopano zimaphethira motalika kenaka mofupika, ndipo katatu kotalika kotsatidwa ndi kawiri kofupika ndiko kuloza ramu. N'chifukwa chake mmisiri amayamba wawerenga dzina lenileni la makinawo.

Kuphethira kasanu ndiko kumene kumafuna kuleza mtima, chifukwa sikutsimikiza kuti ramu yafa, koma kuti bolodi lalephera kuigwiritsa ntchito. Mmisiri amazula chingwe cha magetsi, amadina batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti mphamvu yotsalira ithe, ndipo amagwira chitsulo cha bokosi asanakhudze timitengo ta ramu. Akatichotsa tonse, amapukuta mano ake agolide ndi chofufutira pensulo, amapemerera fumbi la m'chilimwe lomwe limadzaza m'mipata, kenaka amabwezera kamtengo kamodzi mu mpata woyamba kufikira timaloko tonse tiwiri titatseka. Makina akayaka ndi kamtengo koyamba koma n'kulira ndi kachiwiri mu mpata womwewo, kachiwiriko ndiko kakufa. Akalira ndi timitengo tonse, kuphatikizapo kena kamene kakugwira bwino m'makina ena, vuto lili pa mpata kapena pa bolodi, ndipo kugula ramu ina n'kutaya ndalama. Mtundu uyeneranso kuonedwa, pakuti 8200 Elite imafuna DDR3 wamba, ndipo ramu ya maseva, ngakhale imalowa bwino mu mpata, imakanidwa.

BIOS imawonongeka makamaka magetsi akathima pamene ikulembedwa mwatsopano, ngozi imene inali yaikulu mu 2024 pamene chilala chinachepetsa madzi ku Kariba ndipo ZESCO inkathimitsa magetsi maola ambiri patsiku. Pa kuphethira kasanu ndi katatu, mmisiri amaika fayilo ya BIOS ya makina omwewo pa fulashi kuti kagawo kotetezedwa ka chipu kailembenso, ndipo zikakanika, chipucho chimalembedwa ndi kachipangizo ka CH341A kapena bolodi limasinthidwa. Ntchitoyi imachitika makina atalumikizidwa ku batire kapena ku sola yodalirika.

Vuto la disiki limasiyana ndi onsewa chifukwa sikirini imayaka, ndipo pa HP zambiri pamaoneka mawu awa:

```
Boot Device Not Found
Hard Disk (3F0)
```

Uthengawu ndi umboni wakuti BIOS, ramu ndi zithunzi zadutsa mayeso oyamba. Mmisiri amalowa mu BIOS podina F10 n'kuona ngati disiki ikutchulidwa. Ikasowa, amayang'ana zingwe zake ziwiri asanaiweruze. Ikaoneka koma deti labwerera m'mbuyo, wolakwa nthawi zambiri ndi kabatire ka CR2032 ka mavoti 3, kamene kakatha mphamvu makina amaiwala zimene anauzidwa za kayambidwe kake. Kuikanso Windows izi zisanaonedwe kukhoza kufufuta mafayilo pa disiki yomwe inalibe vuto. Choncho mwini makina amene wawerenga kuphethira n'kulemba mawu a pa sikirini asanapite kwa mmisiri amafupikitsa ntchito ndipo amapewa kulipirira chipangizo chimene sichinafe.